Mafunso ndi mayankho: Kulumikiza ma VLAN pogwiritsa ntchito chingwe chimodzi cha rauta

VLAN ndi gulu la makompyuta limene switchi imalipatula kwa ena ngati kuti ndi netiweki yapayokha. Njira yolumikizira ma VLAN angapo kudzera pa chingwe chimodzi chopita ku rauta imadziwika ndi dzina loti rauta ya pandodo, chifukwa pa chojambula cha netiweki rautayo imaoneka italendewera kumapeto kwa mzere umodzi wochokera ku switchi. Mayankho onse ali m'munsimu akutsata chitsanzo chimodzi: ofesi yokhala ndi switchi ya Cisco Catalyst 2960 ndi rauta ya Cisco 2911, momwe muli magulu atatu a makompyuta. A zachuma ali mu VLAN 10 ndipo netiweki yawo ndi 192.168.10.0/24, antchito ena pamodzi ndi seva ali mu VLAN 20 pa 192.168.20.0/24, pomwe alendo ali mu VLAN 30 pa 192.168.30.0/24. Chingwe chimachokera pa poti ya `GigabitEthernet0/1` ya switchi kukalowa pa `GigabitEthernet0/0` ya rauta.

Makompyuta onse ali pa switchi imodzi. Nanga rauta ikufunikiranji?

Switchi ya mtundu umenewu imayang'ana maadiresi a MAC okha, amene ndi manambala ozindikiritsa poti ya netiweki ya chipangizo chilichonse, ndipo lamulo lake lalikulu ndi lakuti fulemu, kutanthauza phukusi la uthenga loyenda m'chingwe, imene yalowera pa poti ya VLAN 10 ingatulukire pa mapoti a VLAN 10 basi. Ngakhale kompyuta ya zachuma ndi seva zitalumikizidwa pa mapoti oyandikana, kwa switchi zili ngati zili pa zipangizo ziwiri zosiyana zimene palibe chingwe pakati pake. Uthenga wofuulira onse, umene amautcha bulodikasiti, nawonso suwoloka malire a VLAN, ndipo popeza kompyuta imafunsa adiresi ya MAC ya inzake kudzera mu bulodikasiti ya ARP, singathe n'komwe kupeza kompyuta ya mu VLAN ina.

Kuti paketi, uthenga wa IP wonyamulidwa m'kati mwa fulemu, ichoke mu netiweki ya 192.168.10.0 n'kulowa mu 192.168.20.0, pamafunika chipangizo chowerenga maadiresi a IP chimene chili ndi mwendo m'mbali zonse ziwiri, ndipo ntchito imeneyi ndi ya rauta. Njira yoyamba imene munthu angaiganizire ndi kukoka chingwe chimodzi pa VLAN iliyonse, koma rauta ya 2911 imabwera ndi mapoti atatu okha a gigabiti, ndipo imodzi mwa iwo imayenera kupita kwa kampani yopereka intaneti. Ma VLAN atatu akanatha kale mapoti onse. Pa chifukwa chimenechi timatenga poti imodzi n'kuigawa m'zigawo za m'mapulogalamu zotchedwa masabuintafesi, chigawo chilichonse n'kuchipatsa adiresi ya IP ya VLAN yake.

Ngati zonse zikudutsa m'chingwe chimodzi, rauta imadziwa bwanji kumene fulemu yachokera?

Imadziwa chifukwa cha tagi. Poti ya switchi yopita ku rauta imaikidwa kukhala thiranki, kutanthauza kuti imanyamula mafulemu a ma VLAN ambiri, ndipo fulemu iliyonse ikamatuluka pa potiyo switchi imailowetsamo mabaiti 4 pambuyo pa adiresi ya MAC ya wotumiza. Ndondomeko imeneyi ndi ya IEEE 802.1Q, imene inatuluka koyamba mu 1998. Mabaiti awiri oyamba amakhala ndi nambala yosasintha ya 0x8100 yodziwitsa kuti fulemuyo ili ndi tagi, ndipo mwa mabiti 16 otsalawo, mabiti 12 ndi amene amasunga nambala ya VLAN. Mabiti 12 amapereka manambala 4096, koma 0 ndi 4095 anasungidwa padera, choncho ogwiritsidwa ntchito ndi kuyambira 1 mpaka 4094. Chifukwa cha tagiyi fulemu yaikulu kwambiri imakula kuchoka pa mabaiti 1518 kufika pa 1522, pomwe paketi ya IP ya m'kati imakhalabe ndi malire ake a mabaiti 1500.

Makompyuta enieniwo sadziwa kanthu za tagi. Poti imene kompyuta yalumikizidwapo ndi ya akisesi, ndipo mafulemu amalowa ndi kutuluka pamenepo opanda tagi. Nambala ya VLAN imalembedwa pa fulemu pakati pa switchi ndi rauta pokha, ndipo mavuto ambiri a njira imeneyi amayamba pamene mbali ziwirizi sizikugwirizana pa nambalayo.

Kodi malamulo oyenera kulemba pa switchi ndi pa rauta ndi ati?

Ndi bwino kuyambira pa switchi, ndipo choyamba ndi kupanga ma VLAN enieniwo, chifukwa thiranki sinyamula VLAN imene switchi sikuidziwa, ngakhale nambala yake italembedwa pa mndandanda wa zololedwa. Apa taonetsa VLAN 10 ndi poti imodzi, ndipo 20, 30 ndi 99 zimapangidwa chimodzimodzi:

```
vlan 10
 name ZACHUMA
interface FastEthernet0/5
 switchport mode access
 switchport access vlan 10
```

Kenako poti yopita ku rauta:

```
interface GigabitEthernet0/1
 switchport mode trunk
 switchport trunk native vlan 99
 switchport trunk allowed vlan 10,20,30,99
```

Lamulo la `switchport mode trunk` liyenera kulembedwa ndithu. Masiwichi a Cisco amatha kugwirizana okha kuti apange thiranki kudzera mu DTP, koma poti wamba ya rauta siyankha zokambirana zimenezo, choncho poti ya switchi yosiyidwa mmene inabwerera imangokhala ya akisesi mu VLAN 1. Pa masiwichi akale monga Catalyst 3560, amene amadziwanso njira yakale ya Cisco yotchedwa ISL, pamafunika kuyamba mwalemba `switchport trunk encapsulation dot1q`, apo ayi switchi imakana kuika potiyo kukhala thiranki. Pa 2960 lamulo limeneli kulibe, popeza imadziwa 802.1Q yokha.

Pa rauta, poti yeniyeniyo sipatsidwa adiresi, imangoyatsidwa, ndipo maadiresi amapita ku masabuintafesi:

```
interface GigabitEthernet0/0
 no ip address
 no shutdown
interface GigabitEthernet0/0.10
 encapsulation dot1Q 10
 ip address 192.168.10.1 255.255.255.0
interface GigabitEthernet0/0.20
 encapsulation dot1Q 20
 ip address 192.168.20.1 255.255.255.0
```

Sabuintafesi ya VLAN 30 imatsata ndondomeko yomweyi ndi adiresi ya 192.168.30.1. Pali zinthu zitatu zoyenera kusamala nazo. Choyamba, mzere wa `encapsulation` uyenera kubwera musanalembe adiresi, chifukwa rauta imakana kulandira adiresi pa sabuintafesi imene sinauzidwe VLAN yake. Chachiwiri, nambala ya pambuyo pa kadontho, monga `.10`, ndi dzina chabe, ndipo imene imagwira ntchito ndi ya pa mzere wa `encapsulation`. Mukhoza kukhala ndi `.7` yonyamula VLAN 10 ndipo zinthu zidzayenda, koma mudzasokoneza mnzanu amene adzagwire netiwekiyo pambuyo panu, choncho manambala awiriwa azifanana nthawi zonse. Chachitatu, mapoti a rauta amabwera ozimitsidwa, ndipo popanda `no shutdown` pa poti yaikuluyo masabuintafesi onse amakhala ozima.

Palibe chifukwa cholembera njira pamanja kapena kuyatsa OSPF, ndondomeko imene marauta amauzirana njira, kuti ma VLAN atatuwa alankhulane. Sabuintafesi ikangoyaka, netiweki yake imalowa yokha m'tebulo la njira ndi chilembo `C`, kusonyeza kuti ndi yolumikizidwa mwachindunji. Chotsala ndi chakuti kompyuta iliyonse ikhale ndi getiwe yolondola, kutanthauza adiresi imene imatumizako mapaketi opita kunja kwa netiweki yake, ndipo pano ndi adiresi ya sabuintafesi ya VLAN yake. Mukamaliza, sungani ntchitoyo pa zipangizo zonse ziwiri ndi `copy running-config startup-config`, chifukwa magetsi akathima zonse zimene sizinasungidwe zimafufutika.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni kompyuta ya zachuma ikafuna kufikira seva?

Tinene kuti kompyutayo ndi 192.168.10.25 pa poti `Fa0/5`, ndipo seva ndi 192.168.20.10 pa poti `Fa0/15`. Kompyuta imayerekezera adiresi ya seva ndi masiki yake ya 255.255.255.0 n'kuona kuti sevayo ili kunja kwa netiweki yake, motero siifunafuna mwachindunji koma imatumiza funso la ARP lofuna adiresi ya MAC ya getiwe, 192.168.10.1. Switchi imafalitsa funsolo ku mapoti onse a VLAN 10, kuphatikizapo thiranki, kumene limatuluka ndi tagi ya 10. Rauta ikaona tagiyo imapereka fulemu ku sabuintafesi ya `.10`, imene imayankha ndi adiresi yake ya MAC.

Tsopano kompyuta imapanga fulemu imene adiresi ya MAC ya wolandira ndi ya rauta, koma adiresi ya IP ya wolandira ndi ya seva. Fulemuyo imakwera pa thiranki ndi tagi ya 10. Rauta imachotsa mutu wonse wa fulemu pamodzi ndi tagi, imayang'ana 192.168.20.10 m'tebulo la njira, n'kupeza kuti netiweki imeneyo ili pa `.20`. Imachepetsa ndi 1 nambala ya TTL, imene imaika malire a marauta amene paketi ingadutse, ndipo ngati sikudziwa adiresi ya MAC ya seva, imafunsa ndi ARP mu VLAN 20. Ikapeza yankho imakulunga paketi ija mu fulemu yatsopano yokhala ndi tagi ya 20, n'kuibweza m'chingwe chomwe chija. Switchi imalandira fulemu ya VLAN 20, imachotsa tagi, n'kuitulutsa pa `Fa0/15`. Yankho la seva limayenda ulendo womwewo mobwerera, kukwera ndi tagi ya 20 n'kutsika ndi tagi ya 10.

Apa pakuoneka kuti switchi sinaphwanye lamulo lake ngakhale kamodzi. Fulemu ya VLAN 10 inathera mu rauta, ndipo imene inatsika inali fulemu ina, yobadwira mu VLAN 20. Maadiresi a IP sanasinthe pa ulendo wonsewo, koma maadiresi a MAC ndi tagi ndi zimene zinasintha. Masabuintafesi onse amagwiritsa ntchito adiresi imodzi ya MAC, ya poti yaikulu ija, ndipo zimenezi sizisokoneza switchi chifukwa imasunga maadiresi a MAC molekanitsa pa VLAN iliyonse. Mukalemba `show mac address-table interface Gi0/1` mudzaona adiresi yomweyo itabwerezedwa pa ma VLAN osiyanasiyana, ndipo chimenechi ndi chizindikiro chakuti zinthu zili bwino.

Kodi VLAN ya netivi n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani mwasankha 99?

Pa thiranki ya 802.1Q pamakhala VLAN imodzi imene mafulemu ake amayenda opanda tagi, ndipo imeneyo ndiyo ya netivi. Ngati simunasinthe kanthu, pa zipangizo za Cisco imakhala VLAN 1. Fulemu iliyonse yofika pa thiranki yopanda tagi imatengedwa kuti ndi ya VLAN ya netivi, ndipo mbali iliyonse ya chingwe imasankha yokha nambala yake, popanda chokakamiza kuti zigwirizane.

Zotsatira za kusagwirizanako zimaoneka bwino pa chitsanzo ichi. Tiyerekeze kuti wina waika netivi ya switchi kukhala VLAN 10, koma pa rauta wasiya `encapsulation dot1Q 10` popanda kuwonjezera mawu oti `native`. Switchi idzatumiza mafulemu a zachuma opanda tagi, pomwe sabuintafesi ya `.10` ikudikira mafulemu a tagi ya 10, choncho funso la ARP lofuna 192.168.10.1 silidzafika pamalo pake. A zachuma onse adzalephera kufikira ngakhale getiwe yawo, pomwe VLAN 20 ndi 30 zikuyenda bwinobwino ndipo chingwe chikuonetsa kuti chili moyo.

Njira imene ndimaiona kuti ndi yabwino ndi kusankha nambala imene mulibe kompyuta iliyonse, monga 99, kuti ma VLAN onse onyamula ntchito yeniyeni aziyenda ndi tagi. Zimathandizanso pa chitetezo, chifukwa chinyengo choika matagi awiri pa fulemu imodzi kuti idumphire mu VLAN ina chimatheka pamene wochichitayo ali mu VLAN yofanana ndi netivi ya thiranki. Pa rauta mumalemba motere, popanda adiresi:

```
interface GigabitEthernet0/0.99
 encapsulation dot1Q 99 native
```

Ndalemba zonse koma ma VLAN sakulankhulana. Ndiyambire pati?

Yambirani pafupi ndi kompyuta n'kumasunthira kutali pang'onopang'ono, chifukwa malo amene `ping` yasiya kuyankha ndi amene amaloza vuto. Kuchokera pa 192.168.10.25, yesani kaye getiwe yake, 192.168.10.1. Ikakana, nkhani ya kudutsa pakati pa ma VLAN isiyeni kaye, chifukwa fulemu sikufika n'komwe ku rauta. Onani ndi `show vlan brief` ngati `Fa0/5` ilidi mu VLAN 10, kenako lembani `show interfaces trunk`. Ngati `Gi0/1` sikuoneka m'zotsatira zake, potiyo si thiranki kapena ndi yozima. Ngati ikuoneka, zotsatirazo zimabwera m'zigawo zinayi, ndipo VLAN yanu iyenera kupezeka pa mndandanda wa zololedwa, pa mndandanda wa zololedwa zimene zilipodi pa switchi, ndiponso pa womaliza wa zimene zikutumizidwa. Nambala imene ili pa mndandanda woyamba koma yosowa pa wachiwiri ikutanthauza kuti VLAN imeneyo sinapangidwe kapena ndi yozimitsidwa.

Pa rauta, `show ip interface brief` imathandiza koma imathanso kunamiza munthu. Sabuintafesi imaonetsa `up` pa mbali zonse ziwiri malinga ngati poti yaikulu ili moyo, ngakhale nambala ya VLAN italakwika. Wina akalemba `encapsulation dot1Q 12` pa `.20`, sabuintafesiyo idzaoneka yamoyo, netiweki ya 192.168.20.0 idzalowa m'tebulo la njira, koma palibe fulemu imene idzafikepo. Chimene chimaulula zimenezi ndi lamulo la `show vlans` pa rauta, limene limaonetsa nambala ya VLAN imene sabuintafesi iliyonse ikuyembekezera, pamodzi ndi kuchuluka kwa mapaketi olandiridwa ndi otumizidwa. Ngati otumizidwa akuwonjezeka koma olandiridwa aima pa 0, mbali ziwiri za chingwe sizikugwirizana pa tagi.

Vuto lovuta kulizindikira ndi ili: kompyuta ikufikira 192.168.10.1, ikufikiranso 192.168.20.1, koma seva ya 192.168.20.10 siyankha. Ambiri amabwerera ku rauta n'kuyamba kusinthasintha malamulo, chonsecho rauta ilibe mlandu. Yesani kuchokera pa rauta m'njira ziwiri izi:

```
ping 192.168.20.10
ping 192.168.20.10 source 192.168.10.1
```

Pa lamulo loyamba rauta imagwiritsa ntchito adiresi ya 192.168.20.1, imene ili mu netiweki imodzi ndi seva, ndipo seva ikhoza kuyankha popanda getiwe. Pa lachiwiri funso limaoneka ngati lachokera ku VLAN 10, ndipo kuti seva iyankhe iyenera kudziwa kotumiza mapaketi a kunja kwa netiweki yake. Loyamba likayenda koma lachiwiri n'kukana, vuto lili pa seva: getiwe yake ndi yolakwika kapena palibe, masiki yake ndi yolakwika, kapena fayawo yake, pulogalamu yosefa mauthenga olowa, ikulola maadiresi a netiweki yake yokha, zimene zimachitika kawirikawiri pa makina a Windows. Paketi yoyamba yokha ikatayika, n'kuoneka `.!!!!`, palibe chodetsa nkhawa, chifukwa rauta inali ikudikira yankho la ARP.

Pali cholakwika china chimene chimagwetsa ofesi yonse nthawi imodzi, ndipo chimachitika pamene mukuwonjezera VLAN yatsopano. Lamulo la `switchport trunk allowed vlan 40` siliwonjezera 40 pa mndandanda, koma limafufuta mndandanda wonse n'kusiya 40 yokha. Loyenera ndi `switchport trunk allowed vlan add 40`. Ngati mwalowa mu switchi muli kutali kudzera pa thiranki yomweyo, inunso mudzadulidwa pomwepo, ndipo kukonza kwake kudzafuna kupita pamalopo ndi chingwe cha konso cholumikiza kompyuta mwachindunji ku switchi.

Seva ya DHCP, yogawa maadiresi a IP, ili mu VLAN 20. N'chifukwa chiyani makompyuta a mu VLAN 10 sakulandira maadiresi?

Kompyuta imene ilibe adiresi imapempha kudzera mu bulodikasiti, ndipo rauta siwolotsa bulodikasiti. Pempholo limafika pa `.10` n'kuthera pomwepo, ndipo kompyuta ya Windows ikatopa kudikira imadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254. Mankhwala ake ndi kuuza sabuintafesi kuti izipereka pempholo kwa seva:

```
interface GigabitEthernet0/0.10
 ip helper-address 192.168.20.10
```

Rauta imasandutsa pempholo kukhala uthenga wolunjika kwa seva, ndipo imalembamo adiresi ya sabuintafesi imene yalandira pempholo, 192.168.10.1. Seva imayang'ana adiresi imeneyo kuti idziwe gulu la maadiresi loyenera kutengamo, choncho iyenera kukhala ndi gulu la 192.168.10.0/24 limene likupereka getiwe ya 192.168.10.1. Lamuloli limalembedwa pa `.10` ndi pa `.30`, kumene kuli opempha, osati pa `.20` kumene seva imamva yokha mapempho a anzake.

Chifukwa chomwechi ndi chimene chimachititsa kuti pulinta ya mu VLAN 20 isaoneke yokha pa mndandanda wa kompyuta ya mu VLAN 10. Mauthenga amene zipangizo zimadzilengezera, monga a mDNS, sadutsa rauta, koma pulintayo imagwira ntchito mukaiika polemba adiresi yake ya IP.

Ngati rauta ikulumikiza ma VLAN onse, kodi alendo sangafike ku makompyuta a zachuma?

Angafike ndithu, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuimvetsa. Masabuintafesi akangoyaka, rauta imadutsitsa chilichonse kuchoka mu VLAN iliyonse kupita mu ina iliyonse, motero mpanda umene switchi inamanga umakhala ndi khomo lotsegula. Ubwino wake ndi wakuti khomolo ndi limodzi, ndipo pamenepo mukhoza kuikapo mndandanda wa zololedwa ndi zoletsedwa:

```
ip access-list extended ALENDO
 permit udp any any eq bootps
 deny ip any 192.168.0.0 0.0.255.255
 permit ip any any
interface GigabitEthernet0/0.30
 ip access-group ALENDO in
```

Mizereyi imawerengedwa kuchokera pamwamba, ndipo woyamba kugwirizana ndi paketi ndi umene umagamula. Wachiwiri umaletsa alendo kufikira adiresi iliyonse yoyamba ndi 192.168, ndipo wachitatu umalola zotsala zonse, kutanthauza intaneti. Popanda wachitatuwo zonse zikanaletsedwa, chifukwa kumapeto kwa mndandanda uliwonse kuli chiletso chosaoneka. Mzere woyamba ulipo chifukwa foni ya mlendo ikafuna kutalikitsa nthawi ya adiresi yake imalankhula mwachindunji ndi seva ya 192.168.20.10, ndipo pempho limenelo likanagwidwa ndi mzere wachiwiri. Alendo adzalephera kuchita `ping` ngakhale ku getiwe yawo ya 192.168.30.1, koma intaneti idzayenda, popeza mapaketi opita kunja amanyamula adiresi ya IP ya kunjako, osati ya getiwe. Ngati alendo akugwiritsa ntchito seva ya DNS, yomasulira mayina a masamba kukhala maadiresi, ya m'kati, pafunika mzere woilola pamwamba pa chiletsocho, apo ayi adzadandaula kuti alumikizidwa koma masamba sakutseguka.

Kodi n'zoona kuti liwiro limagawika pakati chifukwa paketi imadutsa kawiri m'chingwe?

N'zoona pang'ono chabe. Chingwe cha gigabiti chimanyamula gigabiti 1 pa sekondi yokwera ndi gigabiti 1 ina yotsika pa nthawi imodzi. Paketi yochoka mu VLAN 10 kupita mu VLAN 20 imadya malo kamodzi pokwera ndi kamodzi potsika, choncho fayilo yaikulu yopita mbali imodzi ikhoza kuyenda pafupifupi pa liwiro lonse la chingwe. Malire enieni ndi akuti zonse zodutsa pakati pa ma VLAN, mukaziphatikiza mosayang'ana kumene zikulowera, sizingapose gigabiti 1. Ngati VLAN 10 ikutumiza ku VLAN 20 ndipo VLAN 20 ikutumizanso zochuluka chimodzimodzi ku VLAN 10, mbali iliyonse imapeza megabiti pafupifupi 500. Zotsitsidwa pa intaneti nazonso zimapikisana nawo pa mbali yotsika ya chingwe chomwecho.

Koma kawirikawiri chimene chimayamba kulephera si chingwe, ndi rauta. Marauta a maofesi ang'onoang'ono anapangidwa kuti azitumikira mzere wa intaneti, osati kunyamula katundu yense wa m'kati mwa ofesi, ndipo kukhala ndi poti ya gigabiti sikutanthauza kuti akhoza kudutsitsa gigabiti. Cisco ISR 4321, mwachitsanzo, imabwera ndi malire a megabiti 50 pa sekondi, amene amakwera kufika pa 100 mukagula laisensi yowonjezera liwiro, pomwe ISR 4331 imayambira pa 100 n'kufika pa 300. Tiyerekeze kuti mukukopera magigabaiti 50 kupita ku seva. Pa gigabiti yathunthu ntchitoyo ingatenge mphindi pafupifupi 7, pa megabiti 100 ingatenge ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 7, ndipo pa megabiti 50 ingapitirire maola awiri, nthawi yonseyo intaneti ya ofesi yonse ikukwawa chifukwa ikudutsa mu rauta yomweyo.

Kuti mudziwe chimene chikuchedwetsa, yang'anani `show interfaces GigabitEthernet0/0` pa nthawi ya ntchito yambiri, muone liwiro lolowa ndi lotuluka komanso mapaketi otayidwa, kenako `show processes cpu`. Ngati poti ili kutali ndi kudzaza koma purosesa ili pamwamba, kapena liwiro likungoima pa nambala imodzi yofanana ndi malire a laisensi, kusintha chingwe sikungathandize. Chinthu chosafuna ndalama chimene mungachite ndi kuika makina otumizirana zambiri mu VLAN imodzi, kuti katundu wawo azithera mu switchi osakwera ku rauta.

Kodi njira imeneyi ndi ya zipangizo za Cisco zokha?

Ayi, chifukwa 802.1Q ndi ndondomeko ya onse, ndipo marauta a MikroTik, a Juniper komanso mafayawo monga pfSense amachita zomwezi ndi malamulo awoawo. Ngakhale kompyuta ya Linux yokhala ndi poti imodzi ya netiweki ikhoza kugwira ntchitoyi:

```
ip link add link eth0 name eth0.10 type vlan id 10
ip addr add 192.168.10.1/24 dev eth0.10
ip link set eth0.10 up
sysctl -w net.ipv4.ip_forward=1
```

Mzere womaliza ndi umene umaiwalika kawirikawiri, chifukwa Linux sidutsitsa mapaketi pakati pa maintafesi mpaka itauzidwa kutero. Malamulo amenewa amafufutika makina akazimitsidwa, choncho ayenera kulembedwanso m'mafayilo osungira makonzedwe a netiweki.

Ndi liti pamene rauta ya pandodo siyeneranso, ndipo m'malo mwake muikidwe chiyani?

Imakwanira bwino pamene zambiri zimene makompyuta akuchita ndi kupita pa intaneti, ndipo zodutsa pakati pa ma VLAN ndi zochepa, monga kusindikiza pa pulinta kapena kutsegula mafayilo ang'onoang'ono. Imayamba kuchepa pamene maseva otanganidwa ali mu VLAN yawoyawo ndipo aliyense ayenera kuwoloka kuti awafikire. Kumbukiraninso kuti chingwe chija, mapoti ake awiri ndi rauta yeniyeniyo ndi malo amene chimodzi chikawonongeka ma VLAN onse amasiya kulankhulana ndipo intaneti imaduka, ngakhale makompyuta a mu VLAN imodzi amapitiriza kuonana.

Cholowa m'malo mwake ndi switchi ya leya 3, monga Catalyst 3560 kapena 9300, imene imadutsitsa mapaketi pakati pa ma VLAN m'tchipisi zake pa liwiro la mapoti ake. Adiresi ya getiwe imasamukira pa `interface vlan 10` ya switchiyo, mumayatsa `ip routing`, ndipo rauta imatsala ndi ntchito ya intaneti ndi NAT, yosintha maadiresi a m'kati kukhala a pa intaneti, basi. Posamuka, maadiresi a getiwe monga 192.168.10.1 akhoza kukhala omwewo kuti makompyuta asasinthidwe, koma muyenera kuyamba mwawachotsa pa masabuintafesi a rauta musanawaike pa switchi, kuti adiresi imodzi isapezeke pa zipangizo ziwiri. Switchi idzafuna njira yolozera ku rauta ya mapaketi onse opita kunja, rauta idzafuna njira zobwerera ku manetiweki atatu aja kudzera pa switchi, ndipo mndandanda wa `ALENDO` pamodzi ndi malamulo a `ip helper-address` ziyenera kusamukira pa maintafesi a VLAN a switchiyo, apo ayi alendo adzapeza khomo lopita ku zachuma lili lotsegula.